Mmene ndinapemphera kusiya munthu m'chipinda changa cha lendi ku Kapata

Kalata yondiuza kuti ndapatsidwa malo a maphunziro a zaulimi ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, inandipeza kumapeto kwa Meyi. Maphunzirowo anali a miyezi isanu, kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Ndinasangalala masiku awiri. Usiku wachitatu, ndili chigonere kuyang'ana malata, m'pamene ndinakumbuka kuti chipinda chimene ndinali kugonamo si changa, ndipo lendi yake siidziwa kuti munthu ali kusukulu.

Ndinali nditakhala m'chipindamo zaka zitatu. Chili mu mdadada wa zipinda zinayi kuseri kwa nyumba yaikulu, muno m'Kapata, mtunda woyenda pansi kukafika kumsika. Pali mpanda wa njerwa, mpopi pabwalo, chimbudzi chosamalika, ndipo madzi a mvula salowa pakhomo. Lendi inali K800 pamwezi. Amene anafunapo nyumba muno m'Chipata adziwa kuti chipinda chotere sachitaya wamba. Eni ake ndi amayi ena achikulire, amasiye, amene amakhala m'nyumba yaikuluyo. Tonse timangowatchula kuti amayi.

Ndinawerengera njira zitatu. Kulipira chipinda chopanda munthu kwa miyezi isanu kunali K4,000, pamene kuntchito anali atandiuza kale kuti nthawi yonseyo ndizilandira theka la malipiro. Kutuluka kunatanthauza kuchita hayala kanta yonyamula bedi, matiresi, kabati ndi mbale kupita nazo kwathu ku Chadiza, kuzibweretsanso mu Januwale, kenako kuyamba kuzungulira m'makomboni mvula ili pamutu, kufuna chipinda china chimene eni ake adzafune lendi ya miyezi iwiri kapena itatu pakamodzi. Njira yachitatu inali kuikamo munthu woti azikhala ndi kulipira mpaka nditabwera. Ndinasankha imeneyo.

Anzanga awiri anandipatsa nzeru imodzimodzi: usapemphe, ungonena kuti ndi mng'ono wako wabwera kudzasunga nyumba. Anthu amachitadi zimenezo. Ine ndinakana, osati chifukwa ndine woyera mtima kuposa iwo, koma chifukwa ndimalidziwa bwalo lathu. Pamene anthu amachapa pampopi umodzi, bodza silimaliza sabata. Wina adzafunsa mtsikanayo dzina la agogo ake, wina adzamva akuyankhula Chinsenga pafoni pamene ine ndine Mchewa, ndipo nkhani idzafika kwa amayi ine ndili kutali, katundu wanga yense ali m'manja mwao. Palinso lamulo. Lamulo la lendi la dziko lathu la Zambia, la mu 1972, limawerengera kubwereketsa nyumba kwa wina popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake ngati chimodzi mwa zifukwa zimene khoti lingamubwezere mwiniyo nyumba yake. Ambiri a ife m'makomboni tilibe pepala la mgwirizano, tili ndi kabuku ka lendi kokha, koma kusowa kwa pepala sikumupatsa walendi ufulu wopereka makiyi kwa amene wafuna. Mawu oti "cholembedwa" ndinawadziwa kuyambira pachiyambi, komabe ndinatsala pang'ono kuwanyalanyaza.

Kupempha kwanga koyamba kunali kwachibwana. Ndinawapeza amayi pampopi m'mawa akutsuka mapoto, ine nditanyamula chikwama kupita kuntchito. Ndinawapatsa moni, n'kuwauza chiimirire kuti ndikupita kunja miyezi isanu ndipo ndikuganiza zosiya munthu m'chipinda. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Tiona." Ndili panjira ndinadzimvera chisoni. Nkhani ya nyumba ya munthu ndinaikamba ngati ndikubwereka tsache, pamaso pa alendi anzanga, komanso ndinapempha chilolezo cha "munthu", wopanda dzina, wopanda nkhope, wopanda kwao. Mwini nyumba aliyense wanzeru akanayankha chimodzimodzi.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chachikulu pa nkhani yonseyi. Ife opempha timaganiza kuti mwini nyumba akuopa kutaya ndalama, ndiye timalimbikira kulonjeza kuti lendi izibwera. Ndalama amaziganiziradi, koma amayi ngati athu, amene amagona mumpanda momwemo ndi adzukulu awiri, funso lao loyamba ndi lakuti ndani azilowa pageti langa usiku, ndipo akalakwa ndidzadzudzula yani. Walendi amene anamusankha okha amamudziwa pomugwira. Wobwera kudzera mwa wina amakhala ngati mbuzi ya eni yomangidwa pakhomo pako: ikadya chimanga cha anthu mlandu ndi wako, koma kuimenya sungathe. Choncho musanapite kukapempha, yambani mwapeza munthuyo.

Ndinamupeza kudzera kutchalitchi. Mayi wina wa m'chigwirizano anali ndi mwana wa mchemwali wake wochokera ku Petauke, amene anali kubwera kudzachita maphunziro a pantchito kuchipatala kwa miyezi inayi, Ogasiti mpaka Novembala. Chimene chinandikopa si ulemu wake wokha ayi. Anali ndi tsiku lochokera limene silinadalire ine, pakuti maphunziro ake akatha anayenera kubwerera kukoleji. Munthu amene alibe kopita mukadzabwera ndi woopsa ngakhale akhale wabwino mtima chotani, chifukwa tsiku lotuluka likafika adzakuyang'anani ndi maso achisoni, inu n'kukhala ngati wankhanza m'chipinda chanu chomwe. Miyezi yake inali inayi pamene yanga inali isanu, ndipo ndinavomera kuti wa Disembala ndidzalipira ndekha. Panalinso mnyamata wina wogwira ntchito m'sitolo amene anali wokonzeka kukhala miyezi yonse isanu ndi kuwonjezera K100 pamwamba. Ndinamukana. Analibe tsiku lochokera, ndipo ndinadziwa kuti amayi sangalole mnyamata wosakwatira pabwalo pomwe pali adzukulu aakazi.

Kachiwiri ndinapita mwadongosolo. Ndinatuma mdzukulu kukafunsa ngati agogo ake angandipatse mpata Lamlungu madzulo. Ndinavala chitenje, ndinatenga paketi ya shuga, ndinaodira pakhomo la kutsogolo ngati mlendo ngakhale ndimakhala kuseri, ndinagwada n'kukhala pamphasa.

"Mwachoma bwanji, amayi?"

"Tachoma bwino, mwana wanga. Kaya iwe?"

Titatha malonje ndinayamba ndi kupepesa za tsiku la pampopi lija. Kenako ndinawaonetsa kalata ya kusukulu, kuti aone ndi maso ao tsiku loyamba ndi lomaliza. Ndinawauza kuti chipindacho ndimachikonda ndipo ndikufuna kudzabwereramo, koma matumba sangalole kulipira chili chotseka. Ndinatchula mtsikanayo, kwao, amene anandilozera, ndi chimene akudzachita muno m'tauni. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinawakonzekera bwino: "Walendi wanu ndikhalabe ine, amayi. Lendi ikachedwa mlandu ndi wanga, galasi likasweka mlandu ndi wanga. Mukakana ndimva, sindiika munthu m'nyumba mwanu inu musanalole."

Anakhala chete kanthawi, n'kufunsa mafunso atatu: amapemphera kuti, ali ndi mwana kodi, ndipo amagwira ntchito usiku? Lachitatulo linali la geti, limene limakhomedwa 21 koloko. Ndinayankha zoona, kuti masiku ena azikhala pa ntchito ya usiku. Anati abwere ndimuone. Loweruka lotsatira mtsikanayo anabwera ndi azakhali ake aja, anacheza, anamwa tiyi, ndipo potuluka amayi anandiuza kuti, "Palibe vuto, mwana wanga. Abwere."

Ndinaona ngati nkhani yatha. Ndinamuuza mtsikanayo kuti akonzeke, ndinayamba kulongedza. Za pepala ndinati ndidzakamba tsiku lina, chifukwa kunena zoona ndinali ndi manyazi kupempha siginecha kwa munthu wamkulu amene wandilola ndi mtima wonse. Zinkaoneka ngati ndikuwakayikira.

Patatsala masabata atatu kuti ndinyamuke, foni inalira ndili kuntchito. Anali mwana wao wamwamuna wa amayi, amene amakhala ku Lusaka. M'zaka zitatu ndinali nditamuona kawiri kokha. Sanataye nthawi ndi moni wautali. Anati wamva kuti ndikugulitsa chipinda cha bambo ake kwa munthu wina, ndipo zimenezo sizichitika. Ngati ndikupita, ndipereke makiyi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo a panyumbapo atamwalira, banja linasankha mwana ameneyu kukhala adiminisitireta wa chuma cha masiye, ndipo khoti linamupatsa pepala. Lendi timapereka kwa amayi, iwo ndiwo amasayina m'kabuku, koma zolowetsa ndi kutulutsa alendi, ndi zokweza mitengo, mawu omaliza ndi ake. Amayi sanandinamize. Kwa iwo pakhomo ndi pao, ndipo sanaganize kuti nkhani ya miyezi inayi n'kufika nayo ku Lusaka. Anangoitchula pafoni pocheza. Wolakwa ndinali ine, amene sindinafunse. Nyumba zambiri za lendi m'makomboni mwathu zili chonchi: wolandira ndalama ndi wina, mwini mawu ndi wina. Pena ndi mwana, pena ndi mlongo wa malemu, pena eni ake ali ku Kitwe ndipo amene mumamutcha landilodi ndi wongoyang'anira. Funso lake ndi lalifupi ndipo silikhumudwitsa mukalifunsa mwaulemu: "Kodi pali wina m'banja amene ayenera kumva nkhaniyi tisanapitirire?" Ndikanalifunsa tsiku la shuga lija, ndikanapewa masiku asanu osagona tulo.

Sindinakangane nawo pafoni. Ndinati, "Achimwene, ndalakwa posakudziwitsani. Ndiloleni ndikulembereni zonse, muwerenge, kenako mugamule." Usiku womwewo ndinawatumizira uthenga wautali, chithunzi cha kalata ya kusukulu, ndi zithunzi za masamba a kabuku ka lendi oonetsa kuti m'miyezi 36 ndinachedwapo kamodzi kokha. Kabuku kaja, kamene ndinkangokaponya m'kabati, ndiko kanandiyankhulira kuposa pakamwa panga.

Titayankhulanso, nkhawa zao zinatuluka imodzi imodzi. Yoyamba inali yakuti ndikudyerapo, kuti mwina mtsikanayo azindipatsa K1,200 ine n'kumapereka K800. Ndinawauza kuti azipereka K700, ndipo K100 ndiziwonjezera ndekha, popeza mbali ina ya chipinda idzadzaza ndi katundu wanga. Ndinawapatsa nambala ya azakhali ake kuti afunse okha. Ndikulangiza aliyense kuti asaike phindu pa chipinda cha eni. Mwini nyumba akangonunkhiza kuti wina akupanga bizinesi ndi njerwa zake, chilolezo chimafera pomwepo, ndipo alibe kulakwa. Yachiwiri inali yakuti mtsikanayo akadzakana kutuluka, kapena ine ndikapeza mwayi kunjako osabwerako, iwo adzatsala ndi munthu amene sanapangane naye kanthu. Imeneyi inali nkhawa yoona, ndipo yankho lake linali pepala lija ndinkachita nalo manyazi.

Yachitatu sanaitchule msanga, koma ndiyo inali fupa la nkhani. Lendi yanga inali isanakwere kwa zaka ziwiri. Ndikanatuluka, chipindacho akanalowetsamo wina pa K1,000. Kupita kwanga kunali mwayi kwa iwo, ndipo pempho langa linali kuwatsekera mwayiwo. Nditazindikira zimenezi ndinasiya kuchonderera n'kuyamba kukambirana. Tinagwirizana kuti lendi ikhale K800 mpaka Januwale, ndipo kuyambira Febuluwale ikhale K900. Anzanga ena anati anandidyera masuku pamutu. Ine sindiona choncho. Lendiyo ikanakwerabe tsiku lina, ndipo K900 m'chipinda chimene ndikuchidziwa inali yabwino kuposa K1,000 kwina, kuphatikiza kanta kawiri. Koma dziwani kuti chilolezo chotere nthawi zina chimakhala ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kulowa m'nkhani mutadziwa kale pamene mungalekezere.

Pepalalo tinalilemba m'Chinyanja kuti amayi awerenge okha, osati kuchita kuwamasulira. Linakwana tsamba limodzi. Mawu ake anali awa, kupatula maina ndi manambala a reji:

"Ife eni nyumba tikulola walendi wathu wa chipinda chachitatu kuika m'chipindamo munthu mmodzi amene dzina lake lalembedwa pansipa, kuyambira pa 1 Ogasiti mpaka pa 30 Novembala. Chilolezochi ndi cha munthu yekhayu ndi masiku okhawa. Walendi wathu sasintha, ndipo ndiye adzayankha za lendi ndi chilichonse chowonongeka. Lendi ya K800 izifika pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse kudzera mwa mlongo wake. Walendi wasiya K800 ya chikole. Lendi ikachedwa tidzatengapo, ndipo ikapanda kugwira ntchito idzakhala lendi ya Disembala. Wokhalamoyo alibe mphamvu yoikamo wina kapena kupereka makiyi kwa wina, ndipo adzatsata malamulo a pabwalo. Akalakwa, eni nyumba adzauza mlongo wa walendi, ndipo zikapanda kusintha adzapatsidwa masiku 14 kuti atuluke. Pa 30 Novembala adzapereka makiyi kwa amayi. Chipindachi chidzasungidwira walendi wathu mpaka atabwera mu Disembala."

Tinasayina amayi, ine, mtsikanayo ndi mlongo wanga. Mkulu wa mpingo ndi azakhali aja anakhala mboni. Achimwene a ku Lusaka tinawatumizira chithunzi, iwo anasindikiza, anasayina, n'kutumiza pa basi. Aliyense anatenga kope lake pamodzi ndi fotokope ya reji ya mtsikanayo. Zamanyazi zija zinali za mumtima mwanga mokha. Amayi anasayina mosangalala, ndipo anati bola tsopano mwana wao asiya kuwavutitsa pafoni.

Mzere wa mlongo wanga ndi umene ndimaunyadira kwambiri. Iye amakhala ku Mchini, ulendo wa njinga. Ndinakana kuti mtsikanayo azipereka lendi yekha kwa amayi, chifukwa dzina lake likayamba kulowa m'kabuku mwezi ndi mwezi, pang'ono ndi pang'ono walendi amasanduka iye, ine n'kukhala mlendo. Ndinakananso kuti azinditumizira ine, chifukwa sindinafune kuti lendi ya anthu idalire ngati foni yanga ikugwira bwino kudziko la eni. Choncho iye ankatumiza K700 pafoni kwa mlongo wanga, mlongo wanga n'kuwonjezera K100 pa ndalama zimene ndinamusiyira, n'kupita nayo yekha kwa amayi, kukasayinitsa m'kabuku m'dzina langa. Ulendo umenewu unali ndi phindu linanso: kamodzi pamwezi munthu wanga ankaponda pabwalo, kusuzumira m'chipinda, ndi kumva madandaulo asanakule. Mwini nyumba amafuna munthu woti amuone ndi maso ndi kumukalipira pamaso. Nambala ya ku Tanzania siikalipirika.

Tsiku lomaliza tinayenda m'chipinda atatu, ine, mtsikanayo ndi mlongo wanga, kulemba zimene ndamusiyira kuti azigwiritsa ntchito: bedi, matiresi, tebulo, mipando iwiri, mbaula, ndowa ziwiri, mapoto atatu. Ndinajambula makoma, zenera, loko ndi ming'alu ya pansi imene inalipo kale. Zovala, mabuku ndi mbale zanga zabwino ndinazitsekera m'thiranki ndi m'kabati. Masetifiketi ndi mapepala ena ofunika sindinawasiye m'chipindamo konse, anapita ku Mchini.

Tsopano zimene zinavuta ngakhale panali pepala.

Mu Okutobala lendi inachedwa. Makolo a mtsikanayo anali asanalandire ndalama za chimanga chimene anagulitsa, ndipo pa 5 panadutsa opanda kanthu. Amayi anatenga pa chikole monga tinalembera, popanda phokoso. Mtsikanayo anapereka K400 pa 19, yotsalayo anamaliza pamodzi ndi lendi ya Novembala, ndipo chikole chinabwerera m'malo mwake. Ndinamva nkhaniyi itatha kale. Pakanapanda K800 ija, foni yochokera ku Lusaka ikanandipeza m'kalasi. Inandipweteka poitulutsa mu Julayi, nthawi imene ndinkafunanso ndalama za ulendo, koma ndiyo ndalama imene inagwira ntchito kuposa zonse.

Chimene chinatsala pang'ono kugwetsa zonse chinali magetsi, amene sitinawatchule n'komwe m'pepala. Mdadada wathu uli ndi mita imodzi ya mayunitsi, ndipo chipinda chilichonse chimasonkha K100 pamwezi. Pali lamulo losalembedwa limene tonse akale timalidziwa: magetsi ndi a mababu, foni, wailesi ndi ayironi mwa apo ndi apo, kuphika ndi pambaula. Ine ndinalizolowera kwambiri moti sindinaganize kuti n'lofunika kuuza munthu. Mtsikanayo, pobwera kuntchito atatopa, anagula kasitovu ka mbale imodzi ndi ketulo. Mu Seputembala mayunitsi a mwezi wonse anatha pa 17. Anthu anasonkhanso akung'ung'udza. Mu Okutobala anathanso msanga, ndipo mayi wa chipinda choyamba anazimitsa zonse m'zipinda zina n'kukaima pa mita, kuona kagetsi kake kakuphethira mofulumira pamene m'chipinda chachitatu mukununkhira nyemba. Kunali mawu pabwalo tsiku limenelo, ndipo ena mwa mawuwo anali onena za ine, amene "ndinabweretsa anthu osadziwika".

Mlongo wanga anapita madzulo omwewo. Mtsikanayo analira, n'kunena kuti palibe anamuuza, ndipo ankanena zoona. Ndinauza mlongo wanga kuti apereke K200 kubwezera anzanga zimene anasonkha kawiri, kasitovu kanalowa m'katoni, ndipo ndinaimbira mayi wa chipinda choyamba kupepesa ndekha. Apa ndinaonanso kulakwa kwanga kwina. Ndinapempha kwa eni nyumba, koma alendi anzanga, amene ankagawana naye mpopi, chimbudzi, chingwe choyanikira ndi mita, ndinangowatsanzika osawadziwitsa bwino za munthu amene akubwera. Chilolezo sichichokera kwa iwo, n'zoona, koma ndiwo angachititse kuti chilandidwe. Mawu oti "adzatsata malamulo a pabwalo" ndi opanda pake kwa munthu amene sakuwadziwa malamulowo. Khalani naye pansi mumuuze chimodzi chimodzi: zophikira, tsiku lake lotsuka chimbudzi, nthawi ya geti, kotaya zinyalala, msonkho wa madzi, ndi masiku amene mlendo angagone. Za mlendozi ife tinachita mwayi chabe. Mng'ono wake anabwera kudzagona masiku anayi, amayi sanadandaule, koma akanakhala mwezi sitikanakhala ndi mzere wolozapo.

Mvula yoyamba ya Novembala inapeza kabowo pa malata pamwamba penipeni pa kabati. Mtsikanayo anaona dontho, anakoka kabati, anaika ndowa, n'kuuza amayi m'mawa mwake, ndipo mmisiri anamata. Chipinda chikanakhala chotseka, ndikanapeza mabuku anga atamera nkhungu. Nkhani imeneyi ndinawauza achimwene a ku Lusaka mwadala.

Ndikawerengera zonse, ndinatulutsa K400 yowonjezera pa lendi ya miyezi inayi, K800 ya Disembala, K200 ya magetsi, ndi K150 imene ndinapatsa mlongo wanga ya mayendedwe, ngakhale ankakana. Zonse pamodzi K1,550, m'malo mwa K4,000. Pamwamba pake pali K100 ija ya mwezi uliwonse kuyambira Febuluwale. Poto mmodzi anapserera kosatheka kutsukika ndipo mpando umodzi unagwedera mwendo. Sindinalipiritse munthu.

Chapakati pa Novembala mtsikanayo ananditumizira uthenga. Anati kuchipatala amuuza kuti akhoza kupitiriza mpaka Januwale, kodi sangakhalebe, tizikhala awiri ndikabwera? Amayi nawonso anali atamukonda, ankawayeza kuthamanga kwa magazi ndi kuwakumbutsa mankhwala, ndipo anandiimbira okha kumupempherera. Zinandivuta. Ndinayankha kuti nkhani ya masiku si yanga ndekha, pepala tinasayina anthu asanu, ndipo chipinda chimodzi chokhala ndi thiranki ndi kabati sichingasunge akuluakulu awiri. Ndinalola kuti afike pa 10 Disembala ngati achimwene avomera, ndipo tinalemba mzere umodzi kuseri kwa pepala lija, mlongo wanga n'kusayinitsa. Kupitirira apo ndinakana. Amayi anamupezera malo kwa mnzao wa m'chigwirizano ku Magazine.

Ndinafika m'Chipata pa 20 Disembala madzulo, mapiri onse atabiriwira. Ndinaodira pakhomo la kutsogolo ndi nsalu ya kanga imene ndinawagulira amayi ku Morogoro. Anailandira ndi manja awiri, anaitambasula, anawerenga mawu a Chiswahili a m'mphepete mwake mokweza ngakhale sanawamve, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi makiyi anga atamangidwa pa kansalu, pamodzi ndi kabuku ka lendi.

"Mtsikana wako anakolopa asanapite," anatero. "Koma poto uja usamufunse."